Sopo wa tabuleti kapena wa m'botolo, khungu latuwa mbuu ndigule uti?

Make Tadala: Abale ndithandizeniko maganizo. Chiyambire June khungu langa likungotuwa mbuu makamaka m'miyendomu ndi m'mikono, ndikangotuluka kubafa limakhala ngati likukokeka, kenako kuyabwa, ndikakanda pamalembeka mizere yoyera ngati pa bolodi ya kusukulu. Mnzanga wa kuntchito akuti ndisiye sopo wa tabuleti ndigule wamadzi uja wa m'botolo, bodiwoshi, koma dzulo ndakaona mtengo mtauni botolo la 400ml K16,000 pamene sopo amene ndimasambira ndimagula K2,400. Ndiye ndisanataye ndalama ndati ndifunse, zimathandizadi kapena ndi zamatama chabe? Ndili ku 25 konkuno, madzi ndi a pampopi.

Chiso wa ku Joni: Gulani bodiwoshi mayi musachedwe. Sopo wa tabuleti yense amaumitsa khungu, ndi zachikale zimenezo. Ine chibwerereni kuno sindinagwirenso tabuleti ndipo kuno kumazizira kuposa kumudzi koma sindituwa

Ankolo a ku Nchalo: kkkkk K16,000 kusamba basi? Ife timadula mugugu, chidutswa china kuchapira china kusambira, tinakula choncho ndipo sitinafe

Nangozo: Ankolo simunafe koma tikuoneni miyendoyo kaye kkkkk tumizani chithunzi

Ankolo a ku Nchalo: Miyendo yanga isiyeni, ili pa ntchito

Sisi Fatsa: Make Tadala mukufuna kuti khungu liwale? Ndili ndi sopo wa kaloti ndi seramu yake, masabata awiri okha anthu azikufunsani. Bwerani ku inibokosi

Make Tadala: Ayi sisi sindikufuna kuyera, mtundu wangawu ndimaukonda, ndikufuna khungu lisiye kuuma basi

Nangozo: Sisi Fatsa paliponse malonda eti. Munthu akudandaula kuyabwa inu mukufuna mumusende

Aphunzitsi a ku Dedza: Ndilowepo pang'ono, ine ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale ndipo kuno ku Dedza kutuwa timakudziwa bwino. Achimwene a ku Joni mwanena zoona theka. Nkhani siili pa tabuleti kapena botolo ayi, ili pa chimene anapangira. Sopo weniweni amapangidwa pophatikiza mafuta ndi kositiki soda, ndiye amatuluka ali waukali wa mtundu wa chidulo chija amayi amathira mu therere. Pa muyeso wa pH amakhala cha pa 9 kapena 10, pomwe pamwamba pa khungu lathu pamakhala cha pa 5, kowawasa pang'ono. Mukasamba sopo ameneyu amachotsa litsiro inde koma amakokolola ndi mafuta a khungu omwe, ndipo khungu limatenga maola angapo kuti libwerere m'malo mwake. Munthu wa khungu lamafuta samva kanthu. Wa khungu louma, m'nyengo ya mphepo ngati ino, asanachire wasambanso madzulo, basi kukokeka kuja kwayamba.

Ma bodiwoshi ambiri si sopo mwa njira imeneyi, ndi zotsukira zina zomwe amatha kuzisiya pa pH ya kufupi ndi khungu. Mpaka apa achimwene akulondola. Pomwe aphonya ndi poti alipo ma tabuleti omwenso si sopo weniweni, ndipo alipo ma bodiwoshi aukali omwe amaumitsa bwinobwino.

Chiso wa ku Joni: Tabuleti yoti si sopo? ndiye ndi chani, switi? kkk

Aphunzitsi a ku Dedza: Kkkk ayi. Tengani Dove woyera uja muwerenge pakatoni, samadzitchula sopo. Anayamba kugulitsidwa ku America mu 1957 ndipo chotsukira chake chachikulu ndi china, tembenuzani katoni muona dzina loyamba ndi Sodium Lauroyl Isethionate. pH yake imakhala cha pa 7, siyofanana ndendende ndi khungu koma ndi kutali ndi 10. Mukaona dzina loyamba ndi Sodium Palmate kapena Sodium Tallowate dziwani kuti ameneyo ndi sopo weniweni, wa mafuta a kanjedza kapena a nyama, kaya katoni yake ajambulapo mkaka kaya uchi kaya mapeyala. Dzina loyambalo ndi lomwe lachuluka, zojambulazo nthawi zambiri zimakhala kumapeto kwa mndandanda, kadontho chabe.

Make Tadala: Ndapita kukatenga katoni mu bini, palembedwa Sodium Palmate koyambirira. Kutsogolo alemba kuti ndi wofewetsa khungu. Ndiye ndimanamizidwa?

Aphunzitsi a ku Dedza: Kunamizidwa kwenikweni ayi, mwina anaonjezeramo gilisalini kapena timafuta ndipo ndi wofatsa kuposa mugugu wa ankolowo. Koma akadali sopo wa pH yokwera

Ankolo a ku Nchalo: Mugugu wanga walakwanso chani apa

Mayi Gama a sopo: Ankolo mugugu anaupangira zovala. Ine ndimapanga sopo ndi gulu lathu la amayi, chaka chachinayi chino, ndiye ndikuuzeni. Tikamapanga wochapira timayeza soda yokwanira kudya mafuta onse kuti pasatsale mafuta opaka pa nsalu. Tikamapanga wosambira timachepetsa soda mwadala kuti mafuta ena atsale osasanduka sopo, ife timasiya 5 pa 100 alionse, ndiye mukasamba khungu silichita gwaa. Komanso sopo wopanga pamanja gilisalini yake imakhala momwemo chifukwa imadzipanga yokha mafuta akamasanduka sopo, pamene mafakitale ambiri amaichotsa kukagulitsa padera, ndi imene mumagula m'timabotolo ija. Ndiye musamangoti tabuleti tabuleti ngati onse ndi amodzi

Aphunzitsi a ku Dedza: Zoona mayi, wanuyo amafatsa ndithu. Koma ndisakubisireni, pH yake imakhalabe cha pa 9 kupita m'mwamba, sopo weniweni mukamutsitsa kufika pa 5 amasiya kukhala sopo, amabwerera ku mafuta

Mayi Gama a sopo: Za pH zo ine sinditsutsa, ndilibe choyezera. Chomwe ndikudziwa makasitomala anga a khungu louma amabweranso. Chimene chimaononga anthu ndi sopo wosakhwima, wina wapanga lero mawa ali naye pamsika, pomwe amafunika akhale masabata anayi kapena asanu ndi limodzi pa mthunzi aume. Wosakhwima amasungunuka msanga ngati phala, ndipo ngati wopangayo anachulukitsa soda amaluma, kumukhudza ndi nsonga ya lilime amachita ngati batire. Ameneyo ndiye osayerekeza pa khungu

Nangozo: Mayi Gama mumanyambita sopo?? Ambuye

Mayi Gama a sopo: Kukhudza chabe mwana iwe kkkkk, ndi ntchito

Gift wa pa okala: Ine ndibwere ku nkhani ya ndalama chifukwa aliyense akuthawa. Vuto anthu mumayerekeza mtengo wa pa shelefu, yerekezani kusamba kumodzi. Make Tadala sopo wanu wa K2,400 amakutengerani masiku angati?

Make Tadala: Ndikamasambira ndekha mwezi amakwana, ndimasamba kawiri patsiku. Koma ana akamupeza sabata ziwiri safika

Gift wa pa okala: Tiwerenge wa inu nokha. Masiku 30 kawiri patsiku ndi kusamba ka 60, K2,400 kugawa 60 ndi K40 kusamba kumodzi. Tsopano botolo lija la 400ml, munthu akamafinya mwachisawawa pa chinkhupule amathira ngati masipuni awiri a tiyi, 10ml, ndiye botolo ndi kusamba ka 40 basi, masiku 20 latha. K16,000 kugawa 40 ndi K400. Kuchulukitsa ka 10 kumeneko mayi. Pamwezi K24,000 kulimbana ndi K2,400. Ndipo chikwereni zinthu kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, za m'botolo zochokera kunjazi mtengo wake sukhazikika, lero uku mawa uku

Chiso wa ku Joni: Aaa Gift masamu ako ndi a munthu wogulitsa tabuleti. Ndani amathira masipuni awiri? Ukakhala ndi kaneti kosambira kaja kadontho kamodzi thovu thupi lonse. Ine botolo limanditengera miyezi iwiri

Gift wa pa okala: Umasamba kangati patsiku aise

Chiso wa ku Joni: Nyengo ino kamodzi, kuno July si masewera

Gift wa pa okala: Ndiye ndi zomwezo. Miyezi iwiri kamodzi patsiku ndi ka 60, pafupifupi 7ml. Tinene mayiwa adziletse azithira sipuni imodzi, 5ml, botolo likwana ka 80, K200 kusamba kumodzi. Akadali ka 5 kuposa tabuleti yawo. Ndipo tembenuza botolo lakolo uwerenge dzina loyamba, ndi Aqua, madzi amenewo man, ukulipira thiransipoti ya madzi ndi pulasitiki

Nangozo: Komanso m'nyumba ya ana botolo ndi tsoka. Ine ndinagulapo kamodzi nditalandira ya chipereganyu, tsiku lachitatu ndinapeza kamwana kanga kathira theka lonse mu beseni akuti akusambitsa chidole, thovu mpaka pakhomo. Ndinakhala pansi osalira osaseka. Tabuleti mwana angaiwale m'madzi inde koma umaivuula n'kuiyanika

Anti a ku Luton: Moni nonse, ndawerenga zonse ndili pa buleki. Ine ndimagwira ntchito yosamalira agogo kuno ku UK, ambiri khungu lawo ndi lopyapyala louma kwambiri, ndipo amene ali ndi vuto la khungu sitiwasambitsa sopo wa mtundu uliwonse, timawasambitsa ndi kirimu wopanda fungo amene adokotala awalembera, kupaka pathupi ponyowa kenako kutsukuluza. Sachita thovu koma litsiro limachoka. Ndiye Gift masamu ako ndi abwino koma waiwala mbali ina, munthu akasamba sopo waukali amadzola mafuta ochuluka, mwina kawiri patsiku, ndalama yomwe wapulumutsa pa sopo imakathera pa loshoni

Gift wa pa okala: Anti pamenepo ndikuvomera pang'ono, koma K21,600 ya kusiyana pamwezi ndi vaselini wa chaka chonse ameneyo

Anti a ku Luton: Sindikuti agule botolo ayi. Ine maganizo anga ali pakati, atenge tabuleti ya mtundu umene anena aphunzitsiwo, ikhale yawo yokha osati ya banja lonse

Make Tadala: Imeneyo ndinaiona shopu yomweyo K6,000 kakang'ono ka 90g

Gift wa pa okala: Ndipo imeneyo imasungunuka msanga kuposa sopo wamba, ndi yofewa. Tinene ikwane ka 40, ndi K150 kusamba kumodzi. Yaposa tabuleti yanu pafupifupi kanayi koma ikuchepera botolo olo mutathira mwaumbombo

Mayi Gama a sopo: Iduleni pakati ndi mpeni, theka musunge mu katoni pouma. Ndipo mukatha kusamba osasiya m'kambale kokhala madzi pansi, ikani poti madzi azidontha, olo kachivindikiro ka botolo la Sobo kukanikiza pansi pa sopoyo kuti asagunde pansi. Sopo wambiri satha ndi kusamba, amatha ndi kugona m'madzi

Ankolo a ku Nchalo: Chabwino ndifunseko zenizeni tsopano osaseka. Kuno madzi a pa mjigo wathu ndi amchere, sopo sachita thovu, umapaka umapaka pamangobwera zoyera zoyandama mu ndowa ngati mkaka wogona, ndipo ukauma thupi limachita ngati wadzola ufa. Akazi anga ndi amene amadandaula kuyabwa. Zikugwirizana ndi nkhaniyi?

Aphunzitsi a ku Dedza: Kwambiri ankolo, mwina inu ndi amene botolo lingakuthandizeni kuposa wina aliyense pano. Madzi ngati amenewo amakhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu wambiri, akakumana ndi sopo weniweni amagwirana n'kupanga zoyandama zija. Sopo amene wapita ku zoyandamazo sanatsuke kalikonse, ndiye mumapaka wambiri, tabuleti imatha msanga, ndipo zina zimatsalira pakhungu ndi ufa mukunenawo. Zotsukira za mu bodiwoshi ndi za tabuleti ya mtundu wina ija sizigwirana nawo chotero, zimachita thovu ngakhale pa mjigo. Ndiye masamu a Gift a K40 aja kwanuko sangatuluke chimodzimodzi

Anti a ku Luton: Eeh kunonso madzi ndi otero, ketulo imachita zoyera mkati mwezi umodzi. Nditangofika ndinabwera ndi sopo wa kumudzi mu chikwama, ndinatuwa ngati ndagona pa phulusa, ndimaganiza ndi kuzizira kokha

Ankolo a ku Nchalo: Ndiye mwati ndigule botolo la K16,000 chifukwa cha mjigo. Bola ndizikatunga ku Shire ng'ona zindione

Nangozo: kkkkkk ankolo gulirani ankazi anu okha, inu pitirizani mugugu

Chiso wa ku Joni: Mwaona, mapeto ake mwabwera kwa ine. Komanso tabuleti ndi uve, aliyense m'nyumba akupaka thupi lake pomwepo, majeremusi okhaokha. Botolo palibe amakhudza zamkati

Aphunzitsi a ku Dedza: Majeremusi pa tabuleti yonyowa amapezeka, koma anthu anayesapo kupaka dala mabakiteriya pa sopo n'kupatsa anthu kusamba m'manja, sanawapeze atasamukira m'manjamo. Mukaitsukuluza kaye ndi kuisiya iume palibe choopsa kwa munthu wa khungu labwinobwino. Chomwe ine ndimachiopa kwambiri ndi kaneti kanuko achimwene, kamakhala konyowa mu bafa tsiku lonse ndi zotsalira za khungu mkati, mwasintha liti?

Chiso wa ku Joni: Funso limenelo ndiyankha ndi loya wanga

Mtsikana wa ku Poly: Ine ndinene zanga chifukwa zikutsutsana ndi achimwenewo. Chaka chatha ndinagula bodiwoshi wotchipa pamsika, wabuluu wonunkhira kwambiri botolo lalikulu, ndimati ndatola. Sabata imodzi m'mikono ndi pakhosi panayamba kuyabwa ndi timatuza tating'ono, khungu kumasupuka ngati mamba. Nditasiya n'kubwerera ku tabuleti yanga yakale zinatha. Ndiye za kuti botolo lililonse ndi lofatsa ine ayi

Aphunzitsi a ku Dedza: Ndi zomwe ndimanena poyamba zija. Zingakhale ziwiri. China ndi pafyumu ndi utoto, khungu louma limakhala ndi timing'alu tosaoneka ndiye fungo lija limalowa n'kumaluma. China ndi chotsukiracho. Pambuyo pa Aqua mukaona Sodium Lauryl Sulfate ameneyo ndi waukali, Sodium Laureth Sulfate ndi wofatsirapo, mayina akufanana koma onetsetsani pakati pakepo. Ndipo muone ngati Glycerin ali kufupi ndi kumayambiriro osati kumchira. Botolo lopanda mndandanda ndi komwe lisiyeni pa shelefu pomwepo

Mtsikana wa ku Poly: Linalibe chilichonse kumbuyo, chithunzi cha mathithi basi kkk

Make Tadala: Mayina amenewa mutu wayamba kuwawa aphunzitsi. Palibe njira yoti munthu wamba aone yekha kunyumba?

Aphunzitsi a ku Dedza: Ilipo imene ndimachita ndi ana a Fomu 2. Viikani chidede chouma m'madzi otentha atuluke ofiira, muwasungunule ndi madzi ena akhale ofiirira pang'ono, mugawe m'matambula awiri oonekera. Mwina muperesemo sopo, mwina mudonthezemo bodiwoshi. Sopo weniweni amasintha madziwo kukhala obiriwira mothimbirira, chotsukira cha pH yotsika amakhalabe ofiirira. Koma izi zikuuzani za pH yokha, za pafyumu kapena ukali wina sizinena. Njira ina ndi thupi lanu lomwe, sambani osadzola kanthu mudikire mphindi 10. Likakokeka, kapena chala chikamalira kwii pakhungu mukamatsukuluza, chakuchotsani mafuta ambiri

Nangozo: Iii ine kulira kwii ko ndimati ndiye ndayera

Anti a ku Luton: Tonse tinaleredwa choncho mwanawe, mayi anga ankatikhula ndi chinkhupule mpaka kuwala ngati poto. Make Tadala ndikufunseni, madzi mumasamba otentha bwanji ndipo mumakhula ndi chani?

Make Tadala: Otentha kwambiri anti, a pa mbaula, ndimathira ozizira pang'ono chabe chifukwa m'mawa kukuzizira. Ndimakhula ndi chisaka chija cha neti thupi lonse, miyendo ndi mwala. Ndikatuluka ndimapukuta bwinobwino, ndikonze kaye ana apite kusukulu kenako ndidzole loshoni

Anti a ku Luton: Ndiye apa olo mutagula botolo la K50,000 mutuwabe. Madzi otentha amasungunula mafuta a pakhungu ngati mmene amachitira pa mbale ya nyama, kenako neti, kenako mukukhala mwina ola lathunthu musanadzole, madzi onse auluka. Yesani izi sabata ziwiri musanagule chilichonse. Madzi akhale ofunda oti chigongono chikhalamo bwinobwino. Sopo kukhwapa, kumaso ngati mwadzola zambiri, malo obisika ndi mapazi basi, miyendo ndi mikono madzi okha pokhapokha mwachita matope. Kusamba kwa madzulo sopo malo omwewo. Neti kamodzi pa sabata. Mukatuluka thaulo mungogunditsa osakhula, ndipo mafuta mudzole pomwepo thupi likadali lonyowa, ana adikire mphindi zitatu sangafe

Make Tadala: Miyendo osapaka sopo anti? Ndi fumbi la ku 25 li?

Anti a ku Luton: Fumbi limachoka ndi madzi ndi dzanja. Kutsogolo kwa miyendo kuja kulibe mafuta ambiri mwachibadwa, ndi chifukwa chake kumayamba kutuwa ndi kumeneko

Ankolo a ku Nchalo: Izi za ku UK izi. Kuno munthu wochokera ku munda wa nzimbe asapake sopo miyendo, agona panja

Anti a ku Luton: Inuyo pakani ankolo, ndikunena mayi a mu ofesi awa

Nangozo: Pa mafuta po ine ndimasakaniza gilisalini mu loshoni, kabotolo kamodzi mu botolo lalikulu, agogo anga ankatero. Koma nthawi zina ndimachita nyatanyata fumbi kumamatira ndikafika ku depoti miyendo ngati chitumbuwa

Mayi Gama a sopo: Wachulukitsa. Gilisalini imafuna madzi, pathupi ponyowa timadontho tochepa, pamwamba pake vaselini pang'ono kutsekera. Ukadzola yambiri pouma ndi zomatazo

Bambo a Mphatso: Pepani ndalowa mochedwa. Kwathu tonse tikuyabwa, ine, mayi ndi ana awiri, makamaka usiku sitigona, pakati pa zala ndi m'chiuno tiziphuphu. Ndinagula sopo wa mankhwala wopha majeremusi tikusamba katatu patsiku koma zikungoonjezeka. Ndiye bodiwoshi yo ingathandize?

Anti a ku Luton: Bambo zanuzo sizikumveka ngati khungu louma. Nyumba yonse, usiku, pakati pa zala, zimenezo zimafanana ndi mphere. Pitani kuchipatala akakuoneni, mankhwala ake ndi opaka thupi lonse ndipo mumapaka nonse tsiku limodzi olo amene sakuyabwa, zovala ndi zofunda kuchapa ndi madzi otentha kuyanika padzuwa. Sopo sachiza mphere, kaya wa botolo kaya wa tabuleti, ndipo katatu patsiku ko mukungoonjezera kuuma pamwamba pa vutolo

Bambo a Mphatso: Mphere ife? Ndife aukhondo mayi

Anti a ku Luton: Siisankha bambo, mwana amakaitenga kusukulu kapena kogona ndi anzake. Kuno m'nyumba zosamalira agogo zimagwanso, zoyera mbee

Aphunzitsi a ku Dedza: Ndipo sopo wa mankhwala yo Make Tadala musamuyandikire, ambiri ndi sopo wamba wa pH yokwera yemweyo. Ku America mu 2016 boma linaletsa mankhwala opha majeremusi a triclosan ndi triclocarban mu sopo wosambira wogulitsa m'mashopu chifukwa makampani sanaonetse kuti amateteza kuposa sopo wamba ndi madzi

Chiso wa ku Joni: Koma fungo lake limapatsa chilimbikitso kkk umamva kuti wasamba

Gift wa pa okala: Amenewo ndiye amayenda malonda pa okala panga, musandiphere bizinesi aphunzitsi

Mtsikana wa ku Poly: Anti nanga akwiyasi kirimu uja wa chidebe chachikulu wotchipa? Mnzanga wa ekizema, matenda oyabwa a khungu aja, amasambira komanso kudzola yemweyo

Anti a ku Luton: Kusambira ali bwino, anapangidwira zimenezo. Kudzola n'kumusiya pathupi ndi pomwe pali nkhani, wa mtundu wakale uja muli Sodium Lauryl Sulfate yemwe anena aphunzitsi, kuno mu 2013 boma linachenjeza kuti ena amawawotcha ndi kufiiritsa makamaka ana a ekizema. Ena masiku ano amapanga opanda zimenezo, awerenge pa chidebe. Koma Make Tadala imeneyinso ndi njira, chidebe cha 500g chimakhalitsa

Make Tadala: Kusamba kopanda thovu ine mtima sungavomere anti, ndingamve ngati ndadzola margarine

Nangozo: majarini wa pa buledi kkkkk ndafa

Chiso wa ku Joni: Ine ndikuonabe kuti mukuwazunguza mayiwa. Botolo labwino lopanda fungo, sipuni imodzi, nkhani yatha. K200 patsiku ndi mtengo wa chani masiku ano, olo mandasi sakwana

Gift wa pa okala: Kawiri patsiku ndi K400 aise, pamwezi K12,000, ndipo ukuganiza kuti ana sadzaliona. Iwe ukulandira ma randi

Mayi Gama a sopo: Ndipo palibe amene wayesa wanga pano koma mukumuweruza ndi pH

Aphunzitsi a ku Dedza: Nditumizireni mmodzi mayi ndimuyese ndi chidede pamaso pa ana

Mayi Gama a sopo: Mugule aphunzitsi, zaulere zinatha

Make Tadala: Chabwino abale ndamva. Botolo ndaliimika kaye. Mawa ndiyamba za anti zija ndi sopo yemwe ndili nayeyu, madzi ofunda, neti ndiibisa, vaselini ndikaika kubafa komweko kuti ndisaiwale. Zikapanda kusintha pofika malipiro ndigula ka K6,000 kaja ndikadule pakati ndizikasunga m'chikwama ana asakaone. Koma za miyendo osapaka sopo zo sindikulonjeza

Ankolo a ku Nchalo: Aphunzitsi nanga madzi a pa mjigo wo ndikawawiritsa kaye sopo achita thovu? Makala ndiye alipo

Aphunzitsi a ku Dedza: Zimatengera mtundu wa mchere wake ankolo. Wina umatsika pansi mukawiritsa, muona zoyera mu poto, wina sutheka olo muwiritse tsiku lonse. Yesani poto mmodzi, azizire, muthire mwapang'onopang'ono kusiya zapansizo, mupake sopo muone. Mutiuze

Ankolo a ku Nchalo: Ndiyesa Loweruka, poto wake ndibwereke kaye kwa mayi akunyumba osawauza kuti ndi za sayansi